Ndikufuna kutseka golosale pa Khirisimasi: kalata yodziwitsa makasitomala ndiilembe bwanji?

"Ndili ndi golosale pa Mponela, ndipo kwa zaka zisanu ndi zitatu sindinatsekepo pa Khirisimasi. Chaka chino cha 2026 ndikufuna kukaona mayi anga kumudzi ku Ntcheu, ndiye ndimaganiza zotseka kuyambira pa 24 Disembala mpaka pa 4 Januwale. Ndili ndi antchito awiri. Makasitomala anga okhazikika ndi amayi okazinga mandasi, a matiyirumu, a maokala ndi aphunzitsi amene amatenga katundu pangongole. Tsidya la msewu kwatsegulidwa golosale ina. Kodi kalata yowadziwitsa ndiilembe bwanji kuti asandithawe?" (Mayi wa golosale, Mponela)

Mayi, mtima wanu ukhale m'malo, chifukwa munthu amene wakhala akugula kwa inu zaka zonsezi sachoka kaamba koti mwatseka masiku ochepa. Pa zaka zimene ndakhala ndikugwira ntchito ndi eni masitolo ang'onoang'ono, ndaona kuti chimene chimachotsa kasitomala ndi kufika pakhomo ndalama zili m'manja, mvula itamunyowetsa, n'kupeza loko ali lende popanda amene anamuuzapo. Tsiku limenelo amawoloka msewu atakhumudwa, ndipo akakalandiridwa bwino tsidyalo, mwinanso n'kutsegulidwa kabuku ka ngongole, kubwerera kwa inu kumavuta. Choncho kalata yanu ili ndi ntchito imodzi yokha, yomwe ndi kuuza munthu tsiku lomaliza limene angagule ndi tsiku limene adzakupezeninso mutatsegula, momveka kotero kuti asafunsenso wina, ndiponso nthawi ikadalipo yoti akonzekere.

Musanagwire cholembera, tiyeni tiyambe ndi masikuwo, pakuti kalata yokoma singakonze masiku osankhidwa molakwika. Tsegulani buku lanu la malonda la Disembala ndi Januwale wathayu, muone ndalama zimene zinalowa tsiku ndi tsiku. M'magolosale ambiri a pamalo amalonda ngati panupo, masiku atatu kapena anayi Khirisimasi isanafike ndi amene amabweretsa ndalama zambiri, ndipo pa 24 Disembala ndiye pachimake: mpunga, mafuta ophikira, shuga, fulawa, majarini ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi zimatuluka mpaka mdima. Pa 31 Disembala malonda amakweranso, kenaka kumayambiriro a Januwale, sukulu zikamatsegulira teremu yachiwiri, makolo amafuna makope, sopo, mafuta odzola ndi shuga wa ana ogonera kusukulu. Masiku amene mwasankhawo akuphimba nthawi zitatu zonsezi, ndipo kunena mosabisa, ameneyo ndiye mpata umene mnzanu wa tsidya la msewu akuupempherera.

Kalendala ya chaka chino ikukukomerani mukaiona bwino. Khirisimasi ikugwa Lachisanu, tsiku lotsatira, lomwenso ndi la tchuthi, likugwa Loweruka, ndipo mwambo wa dziko lino ndi wakuti tchuthi cha boma chikagwa Loweruka kapena Lamulungu, Lolemba lotsatira limakhala lopuma. Izi zikutanthauza kuti kuyambira Lachisanu pa 25 mpaka Lolemba pa 28 Disembala maofesi ndi mabanki akuyembekezeka kukhala otseka, anthu ambiri adzakhala atagula kale zofunika, ndipo ena adzakhala atapita kumidzi kwawo monga inu. Malangizo anga ndi akuti mugulitse mpaka madzulo a Lachinayi pa 24, mutseke masiku anayi amenewo, mutsegulenso Lachiwiri pa 29, kenaka mudzapumenso tsiku limodzi lokha, Lachisanu pa 1 Januwale. Ulendo wa ku Ntcheu kuchokera pa Mponela ndi wa tsiku limodzi kudzera ku Lilongwe ndi ku Dedza, choncho mayi anu mudzakhala nawo mokwanira ndithu. Ndikudziwa kuti m'mawa wa pa Khirisimasi pamakhala ofuna buledi ndi zakumwa, koma amenewo ambiri mungawagulitse pa 24 ngati mwawauziratu.

Mwina mukuganiza zosiya antchito anu kuti azitsegula inu kulibe. Muwerengere kaye mtengo wake. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limanena kuti wogwira ntchito pa tsiku la tchuthi cha boma alipidwe mosachepera kawiri malipiro ake a pa ola. Tiyerekeze kuti wantchito aliyense amalandira K5,000 pa tsiku. Pa tsiku la tchuthi awiriwo atenga K20,000. Ngati tsikulo malonda ali ozizira, mwagulitsa katundu wa K120,000 ndipo phindu lanu ndi K10 pa K100 iliyonse, mwapeza K12,000 yokha, kutanthauza kuti mwatsegula kuti muluze, kuonjezera pa nkhawa yosiya ndalama ndi katundu m'manja mwa ena masiku angapo. Ikani manambala anu enieni m'malo mwa angawa, ndipo mudzaona nokha tsiku loyenera kutsegula ndi loyenera kutseka. Antchitowo mukambirane nawo musanauze makasitomala, chifukwa maola oonjezera amene mulengeze m'kalata adzawagwira ndi iwowo, ndipo nawonso ali ndi kwawo kumene akufuna kupita.

Masiku akakhazikika, kalatayo ikhoza kukhala motere. Pamwamba mulembe dzina la golosale yanu ndi tsiku limene mwalemba.

"Makasitomala athu okondedwa,

Tikukuthokozani chifukwa chogula kwa ife chaka chonse cha 2026. Tikukudziwitsani nthawi zimene golosale yathu idzakhale yotsegula m'nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano.

Kuyambira Lolemba pa 21 mpaka Lachinayi pa 24 Disembala tizidzatsegula 6 koloko m'mawa ndi kutseka 8 koloko usiku. Tsiku lomaliza kugula Khirisimasi isanafike ndi Lachinayi pa 24 Disembala.

Golosale idzakhala yotseka masiku anayi: Lachisanu pa 25, Loweruka pa 26, Lamulungu pa 27 ndi Lolemba pa 28 Disembala. Tidzatsegulanso Lachiwiri pa 29 Disembala, 7 koloko m'mawa.

Lachisanu pa 1 Januwale 2027 tidzatseka tsiku limodzi lokha, ndipo kuyambira Loweruka pa 2 Januwale tidzabwerera ku nthawi zathu za masiku onse, 7 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo.

Amene mumagula katundu wambiri, monga fulawa, shuga ndi mafuta ophikira, tikukupemphani kuti mutiuze zimene mudzafune pofika Loweruka pa 19 Disembala, kuti tikusungireni.

Tikukufunirani nyengo yabwino pamodzi ndi mabanja anu."

Pansi musaine dzina lanu ndi dzanja, ndipo muike nambala ya foni ya bizinesi.

Muona kuti kalatayi ndi yaifupi, ndipo kufupikako ndi kwadala. Kuthokoza kwatenga chiganizo chimodzi chifukwa munthu woimirira pakhomo, mwana ali kumbuyo, sawerenga ndime zitatu za mawu oyamikira asanafike pa chimene akufuna. Kuthokoza kwenikweni kwa kasitomala wokhulupirika kuli m'ndime yomusungira katunduyo. Muonanso kuti mulibe kupepesa. Eni masitolo ambiri amadzaza kalata ndi "pepani chifukwa cha zovuta zimene zingakhalepo", ngati kuti kupuma pa Khirisimasi ndi mlandu, ndipo kupepesa kochuluka kumachititsa owerenga kuganiza kuti pali vuto lina limene likubisidwa.

Tsopano ndikhazikike pa mmene masiku alembedwera, chifukwa apa ndi pamene makalata ambiri amaonongekera. Chiganizo chonga "titseka pa 24 mpaka pa 4" chimamveka mwa njira zinayi. Wina amva kuti pa 24 mugulitsa n'kutseka madzulo, wina amva kuti pa 24 simutsegula n'komwe, wina amva kuti pa 4 mudzakhala mutatsegula, ndipo wina amva kuti pa 4 ndi tsiku lomaliza la kutsekako ndipo mudzatsegula pa 5. Aliyense mwa anayiwa wawerenga bwino, vuto lili kwa wolemba. N'chifukwa chake m'kalata yathu masiku otseka atchulidwa limodzilimodzi, chiwerengero chake chanenedwa kuti ndi anayi, ndipo tsiku lotsegulanso laima palokha pamodzi ndi ola lake. Deti iliyonse yayenda ndi dzina la tsiku, popeza mayi wokazinga mandasi amakonza ntchito yake poganizira kuti Lachisanu kapena tsiku la msika, osati pa 25 kapena pa 28. Koma pamenepa musamale kwambiri: mukalemba "Lachitatu pa 29" pamene pa 29 ndi Lachiwiri, mwasokoneza anthu kuposa mukanapanda kulemba. Mukamaliza, mutenge kalendala ya chaka chino, osati ya chaka chatha imene ikadali pakhoma, ndipo muyerekeze deti iliyonse. Maola nawonso alembedwe ndi mawu akuti m'mawa, madzulo kapena usiku.

Njira yabwino yoyesera kalata ndi kuipereka kwa wantchito wanu kapena mwana wa sukulu amene sanamve mapulani anu, n'kumufunsa mafunso awiri okha: kodi ndikafuna shuga Lolemba pa 28 ndimupeza, nanga golosale itsegulidwa liti? Akazengereza kuyankha, kapena akabwereza kuwerenga kawiri, kalatayo ikonzedwenso.

Musalembenso mutu waukulu wakuti "TITSEKA" kapena "KUTSEKA KWA GOLOSALE". Wodutsa panjinga amaona mawu akuluakulu okhawo, ndipo pofika kumsika nkhani imakhala yakuti mayi aja bizinesi yawagwera. Mphekesera yotere, makamaka pamene pali golosale yatsopano pafupi, imachititsa angongole kuzengereza kubweza ndipo ena amayambiratu kugula kwina. Mutu ukhale wakuti "Nthawi zotsegulira pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano", ndipo ngati pali mzere woyenera zilembo zazikulu, ukhale wa tsiku lotsegulanso.

Pali zinthu zitatu zimene siziyenera kulowa m'kalata yopachika pakhomo. Choyamba ndi chifukwa chimene mukutsekera. Mukalemba kuti mukupita kumudzi ku Ntcheu, mwauza aliyense, kuphatikizapo akuba, kuti golosale ndi nyumba yanu zidzakhala zopanda mwini mausiku angapo, m'nyengo imene umbava umachuluka. Kalata inene za golosale basi. Amene mumawakhulupirira mungawauze pakamwa. Chachiwiri ndi mitengo. Musalonjeze kuti mitengo ikhala yomweyo mpaka Januwale, chifukwa inu simulamula mtengo wa kumene mumapikula, ndipo lonjezo lolembedwa limene mwalephera kusunga anthu amalikumbukira. Ngakhale kwa osungitsa katundu, muwauze kuti mtengo ndi wa tsiku limene alipira. Chachitatu ndi ngongole. Ndikumvetsa kuti mukufuna ndalama zanu zibwere chaka chisanathe, koma mawu akuti "onse angongole abweze pofika pa 20" akapachikidwa pakhomo amasandutsa kalata yothokoza kukhala chisamani, ndipo mphunzitsi amene aliyense amadziwa kuti amatenga pa kabuku amachita manyazi kulowa anthu akuona. Angongole muwalembere aliyense kakalata kake kapena uthenga wa pafoni, wonena ndalama zimene zatsala, tsiku limene mukupempha kuti alipire, ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imene angatumizireko ngakhale golosale ili yotseka. Muwauzenso momveka tsiku limene kabuku kadzayambirenso mu Januwale, chifukwa mwezi umenewo ndi wovuta m'mabanja ambiri ndipo iwo akudalira inu.

Ndime yosungira katundu ija ndi imene ikukhudza anthu amene mukuopa kuwataya, ndiye tiione pafupi. Titenge mayi amene amagula makilogalamu asanu a fulawa m'mawa uliwonse, pamodzi ndi mafuta, shuga ndi isiti, pogwiritsa ntchito ndalama zimene wagulitsa dzulo lake. Inu mukatseka masiku anayi, iye akufunika makilogalamu 20 nthawi imodzi, ndipo ngati amakazinga mbandakucha golosale isanatsegulidwe, akufunikanso asanu a Lachiwiri m'mawa. Mpamba wake sungakwane zimenezo tsiku limodzi. Mukamuuza pa 23, alibe chochita koma kukagula tsidya la msewu masiku onse anayi. Mukamuuza kumayambiriro a Disembala, akhoza kumaonjezera kilogalamu imodzi kapena awiri tsiku lililonse, inu n'kumalemba ndi kumusungira, kapena ngati ndi munthu amene mbiri yake ya kubweza mukuidziwa, mungagwirizane kuti atenge theka pangongole adzalipire pa 29. Zimenezi sizilembedwa m'kalata, zimakambidwa pa kauntala pamene mukumupatsa kalatayo m'manja. A tiyirumu vuto lawo ndi lina, chifukwa buledi sangasungike masiku anayi m'nyengo ya chinyezi ino. Amenewo ndi bwino kuwalumikiza ndi amene amakubweretserani buledi kuti awasiyire mwachindunji masiku amenewo. Mukatero mwawathandiza popanda kuwapereka kwa mnzanu wopikisana naye.

Tsiku la pa 19 silinasankhidwe mwachisawawa. Likukupatsani Lolemba ndi Lachiwiri kuti mukapikule katundu wosungitsidwayo, masitolo opikulitsa asanadzaze anthu ndiponso zinthu zina zisanathe. Mufunsenso opikulitsa anu masiku amene iwo atseke, chifukwa ena amatseka kuti awerenge katundu kumapeto kwa chaka, ndipo simukufuna kutsegula pa 29 mashelufu ali mbee. Kumbali ya zinthu zoonongeka msanga, monga mkaka, soseji, nkhuku za mufiliji ndi mazira, muchepetse oda ya sabata yomaliza kuti zithe pa 24, popeza magetsi akathima inu kulibe, mudzapeza filiji yonse itaonongeka.

Nanga kalatayo ifike bwanji kwa anthu, ndipo liti? Ituluke m'sabata yoyamba ya Disembala, pasanapitirire Lolemba pa 7. Mukaitulutsa mu Novembala anthu amaiwala, mukaitulutsa sabata yomaliza mwachedwa. Imodzi mupachike pachitseko kunja, pamalo oonekera ngakhale golosale ili yotseka, itaikidwa m'pulasitiki chifukwa ino ndi nthawi ya mvula ndipo inki ikasungunuka madeti ndi amene amayamba kufufutika. Ina ikhale pa kauntala pamene anthu amaima podikira chenji. Makasitomala okhazikika, amene mwina ndi makumi awiri kapena atatu, aliyense alandire yakeyake, dzina lake mutalilemba ndi dzanja pamwamba. Ndalama ya fotokope ndi yochepa poyerekeza ndi ulemu umene munthu amamva akapatsidwa kalata ya dzina lake. Pa WhatsApp mutumize mawu enieniwo, osati chithunzi chokha, chifukwa ambiri sakhala ndi bandulo yotsegulira zithunzi, ndipo muikenso pa sitetasi kawiri kapena katatu, komaliza pa 23. Pomaliza, kumbukirani kuti si onse amene amawerenga bwino, ndiye antchito anu aziuza aliyense pakamwa m'sabata yomaliza, mawu ake akhale ofanana ndi a m'kalata. Wantchito akamanena kuti "mwina titsegula Lolemba" pamene pepala likuti Lachiwiri, anthu amakhulupirira wantchitoyo.

Za moni wa kumapeto, ndasankha mawu akuti "nyengo yabwino" poganizira kuti pakati pa makasitomala anu pali Asilamu ndi ena amene sakondwerera Khirisimasi. Ngati mukufuna kulemba "Khirisimasi yabwino" palibe cholakwika, ndipo ambiri adzalandira bwino, koma kalata ya bizinesi isasanduke ulaliki.

Chimene chidzatsimikize ngati kalatayo yagwira ntchito ndi Lachiwiri pa 29, 7 koloko m'mawa. Mwalemba ola, ndiye chitseko chitsegulidwe pa olalo. Mubwerere Lolemba masana, osadikira Lachiwiri m'mawa, chifukwa m'nyengo imeneyi maminibasi amadzaza ndipo mvula imachedwetsa maulendo. Musiyenso kiyi wina kwa munthu mmodzi wodalirika amene angatsegule mutachedwa pa chifukwa chimene simunachiyembekezere, monga matenda kapena maliro. Zikavuta kwambiri moti tsikulo lisintha, munthu ameneyo apachike chidziwitso chatsopano pamwamba pa chakalecho tsiku lomwelo, ndipo inu mutumize uthenga kwa okhazikika aja. Ngati pamapeto pake mwaona kuti zinthu za kumudzi zikufuna kuti mukhaleko mpaka pa 4 Januwale monga munaganizira poyamba, kalembedwe kake ndi komweko, koma chidziwitso chituluke msanga ndipo makonzedwe a osungitsa katundu akhale aakulu, chifukwa masiku oposa khumi ndi okwanira kuti munthu azolowere kugula pena.

Pali mbali ziwiri zimene ndikukupemphani kuti mufunse ena. Ngati simukudziwa bwino mmene mungawerengere malipiro a maola oonjezera a pa 21 mpaka pa 24, kapena ngati masiku otseka amene si a tchuthi cha boma angawerengedwe ngati gawo la tchuthi cha pachaka cha antchito anu, pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu la Dowa musanadule kapena kusintha malipiro a munthu aliyense, ndipo zimene mwagwirizana ndi antchitowo zilembedwe. Za chitetezo, mudziwitse mwini nyumba ngati mumachita lendi, mlonda wanu, ndi a komiti ya chitetezo cha m'dera kapena apolisi a pafupi, kuti adziwe masiku amene golosale idzakhale yotseka ndi nambala imene angakupezereni. Ndalama za pa 24 zisagone m'golosale. Mabanki adzakhala atatseka pofika nthawi imene inu mukumaliza kugulitsa, choncho konzani ndi ejenti wa banki kapena wa ndalama za pafoni kuti muziika pang'onopang'ono masana a tsikulo.